Chinsinsi Chikabisala M'paketi ya Makadi

Pa bawo palibe chobisa. Maenje onse 32 ali poyera, njere zonse 64 zikuoneka, ndipo munthu woima kumbuyo akhoza kuwerenga masewero onse mofanana ndi eni ake amene agwada pamenepo. Wogonja amagonja chifukwa mnzake waona patali kuposa iye, osati chifukwa chomubisira kanthu. Makadi ali ndi khalidwe lina. Munthu akangolandira ake, choyamba ndi kuwatembenuzira pachifuwa kuti mnzake asasuzumire. Kubisa ndiye lamulo la masewerawo, ndipo palibe amene amakwiya nako. Anthu awiri okondana akhoza kukhala maola atatu akunamizana ndi nkhope, wina kuonetsa ngati zamuvuta pamene wagwira makadi abwino, kenako n'kutsanzikana mwansangala.

Ichi n'chifukwa chake alembi a nkhani zazifupi amakonda kukhazika okalamba awiri patebulo la makadi akafuna kufukula chinthu chimene chinakwiriridwa kalekale. Nkhani yake imamveka yosavuta: mabwenzi awiri amakumana tsiku limodzi sabata iliyonse, amasewera, amamwa tiyi, amanyozana pang'ono, ndiye tsiku lina chinsinsi cha zaka makumi angapo chimatulukira. Koma amene anayesapo kuilemba amadziwa kuti imaterera. Nkhani zambiri za mtundu umenewu zimafera pamalo amodzi, pamene wina mwa awiriwo aika makadi pansi, n'kutsokomola, n'kuyamba kulapa ndime zitatu zathunthu ngati ali pamaso pa akulu a mpingo. Zikatero makadi aja alibenso ntchito. Nkhani yogwira mtima imayenda mwina: chinsinsi chimaonekera m'manja chisanafike pakamwa, pamene chizolowezi chimene wowerenga wachidziwa bwino chathyoka.

Mawu akuti sabata iliyonse ndi olemera kuposa mmene amamvekera. Chaka chili ndi masabata 52, ndiye anthu amene asewera zaka 30 akhala patebulo limodzi maulendo oposa 1,500. Pofika pamenepo aliyense amadziwa mmene mnzake amagwirira kapu, nthawi imene amakanda kumutu, ndi kakhosomo kamene amatulutsa akatola khadi loipa. Munthu wotere sungamunamize ndi nkhope kwa nthawi yaitali. Choncho wowerenga wanzeru amafunsa msanga kuti, ngati amadziwana chonchi, chinsinsicho chinapulumuka bwanji? Nkhani yonse imadalira yankho la funso limeneli, ndipo mlembi amene sanaliganizire ndi bwino asayambe n'komwe kulemba.

Palinso china chimene aliyense wokulira pakati pa madoda amachidziwa. Amuna achikulire sakonda kuyang'anana m'maso polankhula zolemera. Amalankhula akusema mpini, akuluka mphasa, maso ali kwina. Makadi amapereka poika maso. Funso loopsa likhoza kufunsidwa munthu akusanja makadi m'dzanja, ndipo wofunsidwa akhoza kuzemba ponena kuti, "Tayani khadi, nthawi ndi yanu." Masewero amapatsa mlembi njira yodulira macheza pamene afika potentha ndi kuwayambitsanso pamene iye wafuna.

Chitsanzo chodziwika bwino cha luso limeneli chilibe makadi m'kati, koma mafupa ake ndi omwewa. Ndi nkhani ya Edith Wharton, mlembi wa ku Amereka, yotchedwa Roman Fever, imene inatuluka mu 1934. Amayi awiri amasiye a ku New York, Alida Slade ndi Grace Ansley, odziwana kuyambira utsikana, akhala pakhonde la malo odyera mumzinda wa Roma akuyang'ana mabwinja akale. Ana awo aakazi apita kokayenda. Grace watulutsa zoluka zake, ndipo kwa nthawi yaitali palibe chikuchitika koposa macheza aulemu a anthu amene aliyense amaona mnzake ngati womvetsa chisoni.

Dzuwa likupendeka, Alida akuulula. Zaka zoposa 25 zapitazo, mumzinda womwewo, iye anali pa ubwenzi ndi Delphin Slade ndipo anazindikira kuti Grace naye amamufuna mwamunayo. Analemba kalata yabodza m'dzina la Delphin yoitana Grace kuti akakumane usiku ku bwalo lakale la Colosseum, poyembekezera kuti akadikira pachabe m'chisanu n'kudwala. Alida akunena izi ali ndi chikhulupiriro chakuti iye ndiye wagwira nkhani yonse. Koma Grace akuyankha modekha kuti kalatayo anaiyankha, ndipo Delphin anabweradi usikuwo. Alida, pofuna kudzitonthoza, akuti iye anakhala ndi mwamunayo zaka 25 pamene mnzake anangotsala ndi kalata imene Delphin sanalembe n'komwe. Yankho la Grace ndi la mawu atatu okha m'Chingelezi, ndipo limaonetsa kuti mwana wake Barbara, amene Alida wakhala akumusirira nkhani yonse, ndi mwana wa Delphin. Nkhani imathera pomwepo.

Zinthu ziwiri n'zoyenera kuziona apa. Choyamba ndi zoluka zija. Wharton amazigwiritsa ntchito ngati chida choyezera mtima wa Grace: akamaluka ndiye kuti wadzigwira, singano zikaima ndiye kuti mawu amulasa, ndipo pamene zolukazo zagwa pansi wowerenga amadziwa kuti zafika pena. Chachiwiri n'chakuti zinsinsi zilipo ziwiri, ndipo amene anayamba kuulula poganiza kuti akupweteka mnzake ndiye akupwetekedwa. Nkhani ya makadi yabwino imabwereka zonse ziwirizi.

Pa makadi enieni, chitsanzo chomveka ndi sewero la D. L. Coburn lotchedwa The Gin Game, limene linapambana mphoto ya Pulitzer mu 1978. Muli anthu awiri okha, Weller Martin ndi Fonsia Dorsey, okhala kunyumba yosungirako okalamba. Awa si mabwenzi akale, angodziwana kumene, koma ntchito ya makadi ndi yomweyo. Weller akuphunzitsa Fonsia masewero a jini rami, ndipo mayiyo akungopambana ulendo uliwonse. Kugonja kobwerezabwereza kukuvula Weller ulemu wake wonse mpaka ukali umene unawononga moyo wake ukuonekera, ndipo nayenso akuyamba kufukula chifukwa chenicheni chimene mwana wa Fonsia samabwerera kudzamuona. Palibe amene anakhala pansi ndi cholinga choulula kanthu. Makadi ndiwo akuwakankha.

Nanga nkhani yotere ingamangidwe bwanji pano pakwathu? Nachi chitsanzo chopeka, chokhala ndi anthu opeka, koma choimikidwa pa mbiri yeniyeni.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela yonyamula anthu ochokera kumigodi ya ku Joni inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, ikubwera ku Malawi. Anthu 78 anafa, ndipo ambiri mwa iwo anali Amalawi obwerera kwawo. Pulezidenti Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu opita kumigodi kutsatira ngoziyo, mpaka ntchitoyo inayambiranso mu 1977. M'midzi yambiri mudakali anthu amene amakumbukira m'bale amene sutikesi yake siinafike.

Tiyerekeze kuti nkhani ikuchitika mu 2019 pa Dedza. A Nkhoma ndi mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo mng'ono wawo anafera m'ndege ija. A Mbewe anali naye komboni imodzi mnyamatayo kumgodi. Atabwerera kumudzi anapita kukapepesa kubanjako, ndipo ubwenzi wawo ndi a Nkhoma unayambira pamenepo. Anathandiza kulipira fizi ya mwana wamasiye amene malemuyo anasiya, anthu n'kumawatama kuti ndi munthu wa mtima wabwino. Kuyambira 1989 awiriwa amasewera makadi Lachinayi lililonse masana pakhonde la a Nkhoma. Wogonja amagula shuga wa tiyi wa sabata yotsatira, ndipo pafupifupi nthawi zonse wogula shuga ndi a Mbewe.

Chinsinsi n'chakuti ku Joni a Mbewe anali katswiri wa njuga, wodziwa kugawa khadi la pansi ngati la pamwamba. Usiku wina anamudyera mng'ono wa a Nkhoma zonse zimene anali nazo, mwachinyengo. Mnyamatayo anayenera kubwerera kwawo Khirisimasi isanafike, koma pochita manyazi kufika chimanjamanja anawonjezera miyezi ya ntchito, ndipo n'chifukwa chake anapezeka m'ndege ya mwezi wa Epulo. A Mbewe sanaphe munthu. Ngakhale khoti lililonse lingawamasule. Koma iwo amawerengera mwina, ndipo chinsinsi chabwino cha nkhani yaifupi chimakhala cha msinkhu umenewu: chachikulu moti munthu akhoza kuchisenza zaka 45, koma chosafika poti wowerenga atseke mtima n'kungofuna kuti wolakwayo amangidwe.

Apa mlembi ayenera kusamala ndi wowerenga amene anapitako ku Wenela kapena amene bambo ake anapitako. Wowerenga ameneyo amadziwa kuti gawo lalikulu la malipiro silinkaperekedwa kumgodi, linkasungidwa n'kukalandiridwa munthu atafika ku Malawi. Choncho mnyamata uja sakanaluza malipiro ake onse pa njuga. Zimene akanaluza ndi ndalama za m'thumba ndi katundu amene anagula kuti akaonekere naye kumudzi: wailesi, jekete, wotchi, bulangete, nsalu za mkazi wake. Kukonza kameneka kamalimbitsa nkhani, chifukwa manyazi a munthu wobwera ku Joni wopanda sutikesi yodzaza ndi chinthu chimene agogo athu amachimvetsa popanda kuwafotokozera.

Tsopano ntchito yaikulu, yomwe ndi kuphunzitsa wowerenga chizolowezi. Gawo loyamba la nkhani liyenera kuonetsa Lachinayi wamba, lopanda chodabwitsa. Malamulo a masewero akhale ochepa, okwana m'ziganizo ziwiri kapena zitatu: aliyense alandira makadi asanu, utaya khadi lofanana mtundu kapena nambala ndi limene lili pamwamba, ukasowa utola pamulu, ukatsala ndi limodzi ugogoda patebulo. Zokwanira. Wowerenga sanabwere kudzaphunzira makadi, ndipo mlembi amene amathera tsamba lonse akulongosola ntchito ya joka ndi jeke amataya anthu asanafike pakati.

Chimene wowerenga ayenera kuona bwinobwino ndi manja a a Mbewe. Akamasakaniza makadi amawamwaza patebulo ngati akuyanika mphale, ena n'kugwera pansi, a Nkhoma n'kumawaseka. Amanena kawirikawiri kuti ku Joni iwo anali munthu wa kwaya, makadi anawadziwira pakhonde pomwepa. Amakana kusewera ya ndalama ngakhale ya K50. Ndipo amagonja modabwitsa: amaiwala kugogoda atatsala ndi khadi limodzi, amatola pamulu pamene mwina anali nalo loti ataye. Zonsezi ziyenera kulembedwa ngati zoseketsa, kuti wowerenga aziseka nawo a Nkhoma. Anton Chekhov anasiya langizo lotchuka lakuti mfuti imene yaonetsedwa itapachikidwa pakhoma kumayambiriro iyenera kulira nkhani isanathe. Langizolo limagwiranso ntchito chobwerera m'mbuyo, chifukwa mfuti yolira kumapeto iyenera kuti inaonekapo kale pakhomapo. Luso lili poipachika pamene aliyense akuiona koma palibe akuiganizira.

Zizindikiro zitatu kapena zinayi n'zokwana m'nkhani yaifupi. Zikachepa, kuulula kumabwera ngati chinyengo cha mlembi. Zikachuluka, wowerenga amafika kumapeto mlembi asanafike, n'kumadikira akuyasamula.

Funso lotsatira ndi lakuti, bwanji lero? Munthu amene wasunga pakamwa zaka 45 sangatsegule chabe chifukwa nkhani yafika tsamba lachitatu. Alembi ambiri amathamangira bedi la imfa, ndipo njira imeneyi yayendedwa mpaka yasanduka msewu. M'chitsanzo chathu chifukwa chake ndi china. A Mbewe ayamba kuiwalaiwala. Sabata yatha anafika atavala nsapato zosiyana, ndipo mwana wawo wamkazi akubwera Loweruka kudzawatenga kuti azikakhala nawo ku Lilongwe. Ili ndi Lachinayi lomaliza. Munthu woiwala amaiwalanso bodza lake, pamene zimene manja anaphunzira ali mnyamata sizichoka msanga.

Chochitikacho chingalembedwe motere.

A Nkhoma anakankhira paketi kutsidya la tebulo. "Gawani ndinu, achimwene. Koma lero musandigwetsere makadi m'tiyi."

A Mbewe sanaseke. Maso awo anali kumsewu kumene ana a sukulu ankadutsa. Dzanja lawo lamanzere linatola paketi, chala chachikulu n'kuigawa pakati, theka la pansi n'kukwera pamwamba popanda dzanja lina kuthandiza. Kenako manja onse awiri anapinda makadi, nawo n'kulowana ndi kaphokoso kosalala. Anagawa asanu asanu, liwiro lake losaoneka bwino.

A Nkhoma anatsegula awo. Anapeza ma eyisi onse anayi ndi king'i wa mtima.

"Mwandipatsa dala," anatero.

"Mwayi wanu, aphunzitsi."

"Mwayi sudula makadi ndi dzanja limodzi."

A Mbewe anayang'ana manja awo ngati a munthu wina. Anawabisa pansi pa tebulo.

Pofika apa palibe amene watchula Joni, ndege kapena malemu, koma wowerenga wadziwa kale kuti munthu wa kwaya uja ananama, ndiponso kuti shuga wa zaka 30 sanali kugulidwa mwangozi. Kugonja konse kuja kunali kulipira ngongole imene wobwereketsa sanaitchulepo. Zoseketsa za gawo loyamba zasintha tanthauzo popanda mlembi kuwonjezera liwu, ndipo wowerenga amafuna kubwerera kukaziwerenganso. Chimenechi ndicho chizindikiro chodalirika chakuti kuulula kwagwira.

Mawu otsatira ayenera kukhala ochepa. A Mbewe akhoza kunena ziganizo zinayi: kuti inali wailesi, jekete ndi wotchi, kuti mnyamatayo anapempha kuti amubwezere wotchi yokha, kuti iwo anakana, ndi kuti akanabwera pa Khirisimasi. Zina zonse wowerenga aziphatikiza yekha kuchokera pa zimene anauzidwa kale.

Kenako pamabwera khadi lachiwiri, lija la Grace Ansley. Funso lija lakuti chinsinsi chinapulumuka bwanji pamaso pa munthu amene anakhala nacho patebulo maulendo 1,500 liyenera kuyankhidwa, ndipo yankho loona n'lakuti sichinapulumuke. A Nkhoma alowa m'nyumba n'kutuluka ndi kalata yakale imene mng'ono wawo analemba mu Januwale 1974. M'kalatamo mulibe dzina, mwangolembedwa kuti achedwa kubwera chifukwa katundu wake wadyedwa ndi munthu wa kwathu komweko amene amadula makadi ndi dzanja limodzi. Anthu a kwawo pakomboni ija anali owerengeka. Pamene a Nkhoma anagula paketi yoyamba mu 1989 n'kunena kuti, "Bwerani ndikuphunzitseni," unali msampha. Ankadikira tsiku limene dzanja lija lidzadziulule. Linachedwa zaka 30, ndipo m'zaka zimenezo munthu amene ankamutchera uja anawanyamulira bokosi la mkazi wawo, anawagoneka kuchipatala, anakhala mnzawo yekhayo wotsala.

Apa nkhani yasiya kukhala ya wolakwa ndi wolakwiridwa. Onse awiri anabwera patebulo ndi bodza, wina kunamizira kusadziwa makadi, wina kunamizira kusadziwa kanthu. Ubwenzi wawo unali weniweni kapena ayi? Mlembi wanzeru sayankha, chifukwa funsolo ndi limene wowerenga achoke nalo.

Pali msampha wina umene umagwira alembi ambiri, ndiwo wa maso amene nkhani ikuonedwera. Ngati wowerenga walowetsedwa m'mutu mwa a Mbewe kuyambira pachiyambi, n'kumamva maganizo awo pa za mvula ndi mitengo ya feteleza koma osamva za njuga ya ku Joni, ndiye kuti mlembi wabera. Munthu wosenza mlandu wotere sangagwire makadi osauganizira. Vuto lomwelo lilipo ndi a Nkhoma, popeza nawonso ali ndi chawo. Njira imodzi ndi ya Wharton, amene amalowa kwambiri m'maganizo a Alida koma Grace amamuonetsa makamaka kunja, nkhope ndi manja, kotero kuti chinsinsi chachiwiri chimabisika mwachilungamo. Njira ina, imene ikuyenera chitsanzo chathu, ndi kuika munthu wachitatu pakhondepo. Mdzukulu wa a Nkhoma amene amabweretsa tiyi Lachinayi lililonse amaona zonse koma sadziwa tanthauzo lake, ndipo akhoza kusimba mokhulupirika popanda kubisa kanthu. Mtengo wake ndi wakuti mwanayo ayenera kukhala ndi chifukwa chokhalira pafupi pamene akulu ayamba zakuya, chifukwa kwathu kuno mwana amathamangitsidwa nkhani zikafika pamenepo. Mwina ali kuseri kwa zenera akusita yunifolomu.

Amene walemba nkhani yotere akhoza kuiyesa ndi funso limodzi. Achotsemo makadi, awaike awiriwo pa benchi ya kuchipatala kapena m'minibasi, aone ngati nkhani ikuyendabe chimodzimodzi. Ikayenda, ndiye kuti makadi anali chokongoletsera chabe. M'nkhani ya a Mbewe kuchotsa makadi n'kugwetsa nyumba yonse, popeza tchimo linachitikira pa makadi, kulapa kwa zaka 30 kunachitikira pa makadi, msampha unali makadi, ndipo umboni ndi kadulidwe ka paketi. Si nkhani iliyonse imene ingamangike molimba chonchi, koma pafunike ulusi umodzi wolumikiza masewero ndi chinsinsi. Ngati chinsinsi ndi cha mwana wa kunja, mwina kakhalidwe kena ka patebulo, monga kagwiridwe ka makadi, kaoneke mwa mwana amene sayenera kukhala nako.

Chinthu china chimene mlembi wa Chichewa sangachilambalale ndi mbiri ya makadi pakati pathu. Kwa anthu ambiri, makamaka a mpingo, makadi ndi njuga, ndipo njuga ndi ya anyamata a pamsika. Madoda awiri olemekezeka osewera makadi pakhonde poyera amafuna kufotokozedwa pang'ono, mwina ndi chiganizo chimodzi cha mayi wa pakhomo amene amang'ung'udza kuti abusa akadzadutsa adzaona. Kung'ung'udza kumeneko n'kothandiza, chifukwa kumapatsa a Mbewe mpata wonena msanga kuti iwo ya ndalama sasewera, wowerenga n'kuganiza kuti akuopa mpingo.

Chovuta chomaliza ndi pothera. Nkhani zathu zambiri, potengera nthano za pamoto, zimakonda kutseka ndi phunziro, ndipo dzanja la mlembi limayabwa kuti liwonjezere mwambi wa zobisika zimene zimaululika. M'nthano zimenezo n'zoyenera, koma pano zimachepetsa nkhani, chifukwa zimasandutsa a Mbewe chitsanzo cha pa bolodi pamene wowerenga anayamba kuwamvera chisoni. Kukumbatirana ndi misozi nakonso n'kofulumira kwambiri kwa anthu amene angovulana mabodza a zaka 30. Chimene chimagwira ntchito ndi chochita chimodzi chochokera m'malamulo a masewero omwewo, chimene chingamveke pawiri. A Nkhoma akhoza kusonkhanitsa makadi n'kuuza mnzawo kuti agawenso, koma ulendo uno asewere ndi nzeru zawo zonse. Wina adzawerenga kuti ndi chikhululukiro, wina kuti ndi chilango, popeza akuwalanda njira yokhayo imene anali nayo yolipirira.

Kwa amene akulembera tsamba la nkhani m'nyuzipepala, kumene malo ndi ochepa, kagawidwe kake n'kofunika. Pa nkhani ya mawu 1,500, pafupifupi theka lipite ku Lachinayi wamba, chifukwa ndi kumene zizindikiro zimabzalidwa. Kusweka kwa chizolowezi ndi kuulula kwa a Mbewe kutenge mawu ngati 400, kalata ndi zotsatira zake 300 kapena kucheperapo. Mkonzi akapempha kuti ifupikitsidwe, alembi ambiri amadula gawo loyamba poganiza kuti mulibe chochitika, n'kusiya kulapa kuli kwathunthu. Podula poyenera ndi pakulapa pomwepo. Mbiri ya ndege ya ku Francistown ikhoza kukwana m'ziganizo ziwiri zonenedwa ndi mdzukulu poyambirira, pofotokoza chithunzi cha mnyamata wovala chipewa cha kumgodi chimene chili pakhoma la agogo ake.